Kusintha ndege pamene yachiwiri ili ku teminolo ina kapena ku bwalo lina

Pa tikiti akhoza kulemba kuti pakati pa ndege yoyamba ndi yachiwiri pali maola asanu, inu n'kumaganiza kuti mupezako mpata wotambasula miyendo. Koma maola amenewo amawerengedwa kuchokera pamene ndege yoyamba yafika mpaka pamene yachiwiri ikunyamuka. Pakati apo pali mizere, pali kudikira sutikesi, pali basi, ndipo kauntala yolandirira katundu imatsekedwa ndege ikadali pansi. Mukachotsa zonsezi, pa maola asanu aja mwina mutsala ndi mphindi 20 zokha. Nchifukwa chake ntchito yaikulu ya ulendo wotere imagwiridwa musanalipire tikiti, mutakhala pansi ndi cholembera.

Yambani ndi zilembo zitatu

Bwalo lililonse la ndege lili ndi zilembo zake zitatu, ndipo zimenezi ndi zomwe muyenera kuwerenga, osati dzina la mzinda. London ili ndi mabwalo angapo: Heathrow ndi LHR, Gatwick ndi LGW, Stansted ndi STN, Luton ndi LTN. Ku Paris, Charles de Gaulle ndi CDG pomwe Orly ndi ORY. Ku New York kuli JFK, LGA ndi EWR, ndipo ku Tokyo kuli NRT ndi HND. Vuto limabwera chifukwa pofufuza tikiti munthu amalemba dzina la mzinda, ndiye makina amasakaniza mabwalo onse a mumzindamo ngati kuti ndi amodzi.

Choncho ikani chala pa mzere wa ndege yoyamba, muone zilembo za komwe ikutera. Tsitsani chalacho pa mzere wa ndege yachiwiri, muone zilembo za komwe ikunyamukira. Zikafanana, bwalo ndi limodzi, ndipo chotsala ndi kuona teminolo, kutanthauza nyumba yomwe anthu amatsikiramo ndi kukwereramo. Zikasiyana, dziwani kuti mudzatuluka, mudzanyamula katundu wanu yense, ndipo mudzayenda pamsewu kapena pasitima kudutsa mzinda. Masamba ena ogulitsa matikiti amachenjeza ndi mawu akuti "Change of airport", koma amawalemba mwa tizilembo ting'onoting'ono totuwa.

Pa nkhani ya teminolo pali msampha umodzi. Tikiti ikhoza kukhala ya kampani ina pomwe ndege yeniyeniyo ndi ya kampani inanso. Teminolo imatsatira mwini ndege, osati amene anakugulitsani tikiti. Funani mawu akuti "Operated by" pansi pa nambala ya ndege. Dzina lomwe likutsatira pamenepo ndi lomwe mudzalisake pa zikwangwani.

Tikiti imodzi kapena awiri?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Ngati ndege zonse ziwiri zili pa tikiti imodzi, yokhala ndi nambala imodzi ya manambala 13, kampani yavomera kukufikitsani kumapeto kwa ulendo. Bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa yomwe limaloleza kuti munthu asinthe ndege, ndipo makina a kampani sagulitsa tikiti imodzi yokhala ndi mpata wochepera pamenepo. Ndege yoyamba ikachedwa inu n'kuphonya yachiwiri, udindo ndi wawo: amakuikani pa ndege yotsatira osalipiranso. Nthawi zambiri sutikesi nayo imadziyendera yokha kuchoka m'ndege ina kulowa m'inzake.

Ngati mwagula matikiti awiri osiyana, kapena mwagula pa tsamba lomwe lalemba kuti "Self-transfer", kampani yachiwiri sikudziwa n'komwe kuti mukuchokera pa ndege ina. Kwa iwo muli ngati munthu wochokera kunyumba. Mukachedwa, mwachedwa nokha. Tikiti yapsa, ndipo makampani ambiri amafufutanso maulendo onse otsatira pa tikiti imeneyo, kuphatikizapo wobwerera, munthu akapanda kuoneka pa ndege imodzi. Masamba ena amalonjeza chitetezo chawochawo pa maulendo otere, koma chimenecho ndi pangano la inu ndi tsambalo. Wa pa kauntala ya ndege sichimukhudza.

Matikiti awiri amakonda kutsika mtengo, ndipo sindikunena kuti musamagule. Ndikunena kuti mpata womwe ungakwane pa tikiti imodzi sungakwane pa awiri. Ine pa matikiti awiri m'bwalo limodzi sindilola mpata wochepera maola anayi ngati ndili ndi sutikesi, ndipo ngati mabwalo ndi awiri ndimafuna asanu ndi limodzi kapena kugona kumene.

Chinthu china chomwe anthu amadabwa nacho: ngakhale pa tikiti imodzi, mukamasintha bwalo sutikesi sikutsatani. Kampani imakutetezani pa nkhani ya kuchedwa kwa ndege yake, koma katundu mumatenga nokha, ndipo ulendo wa pakati pa mabwalo nthawi zambiri mumalipira nokha.

Kodi mulowa m'dziko la eni?

Bwalo la ndege lili ndi mbali ziwiri. Pali mkati, komwe kumakhala anthu okhaokha amene adutsa chipikisheni ndipo ali ndi chiphaso chokwerera ndege. Pali kunja, komwe aliyense amafika. Munthu wochokera kudziko lina akafuna kuchoka mkati kupita kunja amadutsa pa a imigireshoni, ndipo pamenepo ndiye kuti walowa m'dzikolo, ngakhale akhalemo mphindi 40 zokha.

Zinthu zitatu zimakukakamizani kulowa m'dziko: kusintha bwalo, kukatenga sutikesi pa lamba wozungulira wotulutsira katundu, ndi kupita ku teminolo yomwe ilibe njira yamkati. Chilichonse mwa zitatuzi chikakugwerani, viza yomwe mukufunika ndi ya munthu wolowa m'dziko, osati ya wongodutsira mkati mwa bwalo.

Ku Britain mitundu iwiriyi ili ndi maina ake. Direct Airside Transit visa ndi ya munthu amene sadutsa pa a imigireshoni. Visitor in Transit visa ndi ya amene adutsa pamenepo n'kuchoka m'dzikolo pasanathe maola 48. Wochoka ku Heathrow kupita ku Gatwick sangagwiritse ntchito yoyambayo. M'maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi momwe mulinso France, ndi chimodzimodzi: viza yongodutsira pabwalo sikulolani kutuluka ku Charles de Gaulle kupita ku Orly. Ku America ndiye kulibe n'komwe zongodutsira mkati. Aliyense amaonekera kwa a imigireshoni, ndipo kawirikawiri amatenga sutikesi pa bwalo loyamba kufikira n'kuiperekanso. Ofunika viza ndi osafunika zimatengera pasipoti yomwe muli nayo, ndiye onani pa tsamba la boma la dzikolo musanalipire. Mukalakwitsa apa simukafika n'komwe: amakubwezani pa kauntala ya bwalo loyambirira, ulendo usanayambe.

Pa kauntala yoyamba

Tsiku la ulendo, popereka sutikesi, funsani mafunso awiri. Loyamba: katunduyu ndikamulandira kuti? Musakhutire ndi yankho lapakamwa lokha. Yang'anani pepala lalitali lomwe amata pa chogwirira cha sutikesi, ndi kachidutswa kake komwe akupatsani. Zilembo zitatu za bwalo lomaliza zomwe zalembedwapo ndi komwe sutikesi ikathere. Ngati zili za bwalo losinthira, mukaitenga kumeneko. Lachiwiri: mungandipatse chiphaso chokwerera ndege yachiwiri pompano? Chikakhala m'manja, mwachotsa mzere umodzi. Akakana, yesani kuchitenga pa foni muli pomwepo, ndipo muchijambule kuti chioneke ngakhale intaneti itavuta.

Ngati mpata ndi wochepa, pemphani mpando wa kutsogolo. Pa ndege yaikulu, kusiyana kwa woyamba kutuluka ndi womaliza kumatha kufika mphindi 15 kapena 20, ndipo amene atuluka mochedwa amakapezanso anzake onse atandanda pamzere.

Kusintha teminolo m'bwalo limodzi

Mukatsika, musatsate gulu. Ambiri mwa anthu amene mwatsika nawo afika kwawo, ndipo akulowera kwa a imigireshoni ndi kotengera katundu. Ine zinandichitikirapo pa bwalo lina lalikulu: tulo tili m'maso, ndinangotsata msana wa bambo wina wa jekete yofiira, mpaka ndinazindikira ndili pamzere wa mapasipoti pomwe kanjira ka osintha ndege ndinali nditakapitirira kalekale. Kubwerera kunandidyera mphindi 25, ndipo ndinafika pa geti thukuta lili kamukamu, anthu atatsala atatu kuti alowe.

Imani pa sikirini yoyamba yomwe mwaiona. Funani ndege yanu pogwiritsa ntchito nambala yake, osati dzina la mzinda lokha, chifukwa ndege zopita mzinda umodzi zimatha kukhala zingapo pa ola limodzi, kuchokera m'mateminolo osiyana. Teminolo ndi geti zomwe zili pa sikirini ndi zomwe zili zoona. Za papepala lanu zinasindikizidwa maola ambiri apitawo. Kenako tsatani zikwangwani zolembedwa "Flight Connections", "Transfers" kapena "Connecting Flights". Zolembedwa "Arrivals", "Baggage Reclaim" kapena "Exit" ndi za otuluka, ndipo zitseko zake zambiri zimatsegukira mbali imodzi.

Ku Heathrow, komwe mateminolo ogwira ntchito ndi 2, 3, 4 ndi 5, zikwangwani za osintha ndege ndi zapepo, ndipo zimakufikitsani pa mabasi aulere oyenda mkati mwa bwalo. Mukatsika basi mumadutsanso chipikisheni. Amene watulukira kunja amagwiritsa ntchito njira ina: pakati pa teminolo 2 ndi 3 pali njira yapansi yoyenda ndi miyendo, pomwe ku 4 ndi ku 5 amapita pasitima, ndipo ulendo wa pakati pa mateminolo salipiritsa, ngakhale pamafunika katikiti kaulere kapena khadi yodutsira pa chipata.

Ku Charles de Gaulle chosokoneza ndi dzina. "Teminolo 2" si nyumba imodzi. Ndi nyumba zingapo, kuyambira 2A mpaka 2G. 2G ili patali payokha ndipo amapitako pabasi, pomwe 2E ili ndi zigawo zitatu, K, L ndi M. Munthu wongogwira nambala 2 osagwira chilembo amazungulira mpaka miyendo kuwawa. Kasitima kaulere kotchedwa CDGVAL kamalumikiza mateminolo 1, 2 ndi 3, koma kali kunja, ndiye kukakwera ndiye kuti mwadutsa kale pa a imigireshoni. Ku JFK nako sitima ya AirTrain imazungulira mateminolo mwaulere koma ili kunja, ndipo mukatsika mumayambiranso chipikisheni.

Popeza chipikisheni chachiwiri chimakhalapo nthawi zambiri, samalani ndi zamadzimadzi. Mabwalo ambiri akadali pa lamulo la mamililita 100 pa botolo lililonse. Madzi omwe munapatsidwa m'ndege amweni kapena atayeni musanafike pamzere. Mafuta onunkhira kapena botolo lomwe munagula pa bwalo loyamba lisiyeni m'pulasitiki yake yomata, lisiti lili mkati. Mukaing'amba, akhoza kukulandani.

Pomaliza apa, pitani kaye ku geti lanu mukalione ndi maso, kenako muganize za chimbudzi kapena chakudya. Mageti ena ali m'nyumba zapadera zofuna kasitima kenanso, ndipo geti limatsekedwa mphindi 15 kapena 20 ndege isananyamuke.

Kuchoka ku Heathrow kupita ku Gatwick: tiyeni tiwerenge

Tiyerekeze kuti ndege yanu ikufika ku Heathrow, teminolo 2, nthawi ya 6:30 m'mawa, ndipo yachiwiri ikunyamuka ku Gatwick 11:30. Papepala ndi maola asanu. Muli ndi sutikesi imodzi, ndipo viza yoyenera muli nayo.

Yambirani kumapeto. Pa maulendo aatali makampani ambiri amasiya kulandira katundu ola limodzi ndege isananyamuke, ndiye nthawi yanu yeniyeni si 11:30 koma 10:30. Ndipo 10:30 ndi nthawi yoti sutikesi ikhale italandiridwa kale, osati yoti inu mukhale mukulowa pakhomo. Perekani mphindi 30 za mzere wa pa kauntala: muyenera kukhala m'teminolo yolondola ya Gatwick pofika 10:00. Ola ndi theka lapita musanasunthe.

Tsopano yambirani kumayambiriro. Ndege yafika 6:30. Kutsegula zitseko, kutuluka ndi kuyenda makonde aatali, ikani mphindi 25; yakwana 6:55. Mzere wa a imigireshoni m'mawa, pamene ndege zambiri zausiku zimaterera limodzi, sudziwika: tsiku labwino mphindi 20, tsiku loipa kupitirira ola. Pokonzekera muziwerengera tsiku loipa, ndiye ikani ola, yakwana 7:55. Sutikesi mwina mudzaipeza ikuzungulira kale pa lamba, koma kuitenga ndi kudutsa pa a kasitomu ikani mphindi 15, yakwana 8:10. Kuyenda kupita ku siteshoni ya mabasi, yomwe ili pakati pa teminolo 2 ndi 3, ikani mphindi 15, yakwana 8:25. Kudikira basi ya National Express, ikani mphindi 20, mukunyamuka 8:45.

Mabwalo awiriwa atalikirana makilomita pafupifupi 70 pamsewu, ndipo basi imadzera msewu waukulu wa M25, womwe umadzaza kwambiri nthawi yopita kuntchito. Msewu ukakhala wabwino ndi ola ndi mphindi zochepa. M'mawa chonchi ikani ola ndi theka. Mukufika 10:15.

Mwaona? Tinafuna 10:00, tafika 10:15. Kauntala sinatsekedwe, koma mwatsala ndi mphindi 15 zoti muime pamzere n'kupereka sutikesi, ndipo tawerengera kuti ndege yoyamba yafika pa nthawi yake. Ikachedwa ndi theka la ola lokha, madzi achita katondo. Zoona, tsiku labwino mukhoza kufika Gatwick cha m'ma 9 koloko n'kumadabwa kuti nkhawa inali yachiyani. Pa tikiti imodzi ulendo uwu ndingauvomere, chifukwa ndege yoyamba ikachedwa kampani indipezera ndege ina. Pa matikiti awiri ndingaukane, n'kufuna ndege yamasana.

Gatwick ili ndi mateminolo awiri, North ndi South, ndipo basi imaima pa onse. Dziwiranitu yanu musanakwere. Mukatsikira polakwika, pali kasitima kaulere kolumikiza awiriwa, ka mphindi zochepa, koma pamodzi ndi kufufuza njira ndi kukoka sutikesi, mphindi 10 kapena 15 zimapita, zomwe mu chitsanzo chathu ndi zonse zomwe munatsala nazo.

Sitima yolunjika pakati pa mabwalo awiriwa palibe. Njira yosavuta ndi kukwera sitima ya Elizabeth line mpaka pa siteshoni ya Farringdon, n'kusintha kukwera Thameslink yopita ku Gatwick, komwe siteshoni ili ku South. Nthawi yake sisiyana kwambiri ndi ya basi ya tsiku lodzaza, pafupifupi ola ndi theka, koma ubwino wake ndi woti sitima sikodwa pamsewu. Kuipa kwake ndi kusintha muli ndi katundu, pa nthawi yomwe sitimazo zadzaza ndi opita kuntchito. Wa kachikwama kamodzi asankhe sitima. Wa masutikesi awiri ndi mwana, basi ndiyo yabwino, chifukwa katundu amalowa pansi kamodzi n'kudzatuluka kamodzi. Takisi imachotsa nthawi yodikira yokha. Msewu ndi womwewo, ndipo ikakodwa, yakodwa pamodzi ndi basi.

Tikiti ya basi ngati mukugulira pasadakhale, sankhani yololeza kusintha nthawi. Simudziwa kuti mzere wa mapasipoti udzakutulutsani liti.

Kuwerenga komweku kumagwira ntchito pa mabwalo ena aliwonse awiri. Chomwe chimasintha ndi chigawo chapakati, cha msewu kapena sitima, ndipo pamenepo muyang'ane zinthu ziwiri: kodi mukudutsa mzinda pa ola lanji, ndipo kodi basi kapena sitima yomaliza usiku imanyamuka liti. Wofika 11 koloko usiku amatha kupeza njira zonse zotsika mtengo zitaweruka.

Mukaona kuti zikuvuta

Chizindikiro choyamba chimaoneka mukadali m'mwamba: nthawi yofikira yomwe ikuoneka pa sikirini ya pampando. Iyerekezeni ndi masamu anu aja. Ngati yadya mpata wonse, uzani wogwira ntchito m'ndege. Nthawi zina amakusunthirani kutsogolo ndege isanatere. Mukatera, tsegulani foni. Pa tikiti imodzi, kampani imatha kukhala itakuikani kale pa ndege ina, ndipo palibe chifukwa chothamangira ndege yomwe dzina lanu lachotsedwapo.

Pamzere wa chipikisheni kapena wa mapasipoti, musangoima mtima uli m'mwamba. Onetsani chiphaso chanu kwa woyang'anira mzere, muloze nthawi. Ena amakudutsitsani, ena amakana, koma safunsa anadya phula.

Ngati mwaphonya ndithu pa tikiti imodzi, musatuluke. Pitani pa kauntala yolembedwa "Transfer Desk" kapena "Connections" mkati momwemo, muli ndi kachidutswa ka sutikesi kaja m'manja, kuti katundu asunthidwire pa ndege yatsopano limodzi ndi inu. Ngati mwaphonya muli pakati pa mabwalo awiri, imbirani kampani musanasankhe kolowera, chifukwa ndege yotsatira ikhoza kukhala yonyamukira pa bwalo lomwe mwangochokalo.

Pa matikiti awiri, musadikire kuti ndege inyamuke. Mukangoona muli m'basi kuti simufika, lowani pa tsamba la kampani yachiwiri kapena imbani foni musinthe ulendo nthawi isanakwane. Kusintha ndege isananyamuke nthawi zambiri kumakhala ndi chindapusa, koma tikiti imakhala ikadali yamoyo, ndipo ulendo wobwerera sufufutidwa. Sungani chiphaso cha ndege yoyamba, ndipo ngati ndiyo inachedwa, pemphani kampani yake kalata yosonyeza kuti inachedwa ndi nthawi yaitali bwanji. A inshulansi ya ulendo amayamba kufunsa pepala limenelo.